Chipu Chikumangoyambiranso Chokha? Umu ndi Momwe Mungaikire Makapasita Pambali Pake

Mnyamata wina wa ku Chinamwali anandibweretsera bolodi la makina ofungatira mazira omwe anapangira azakhali ake a ku Thondwe. Pa Arduino zonse zinkayenda. Atachotsa chipu cha ATmega328P n'kuchiika pa verobodi yake kuti achepetse mtengo, vuto linayamba: rileyi ikangoyatsa mababu otenthetsa, sikirini inkalemba zosamveka, nthawi zina pulogalamu n'kuyambiranso pachiyambi. "Achimwene, ndayeza ndi mita, akuwerenga 5 V bwinobwino," anatero. Sananame. Mita inkaonetsadi 5.0 V. Koma pa bolodi lonselo panalibe kapasita ngakhale imodzi pafupi ndi chipu.

Makapasita amenewa amisiri amawatchula kuti a dikapuling'i. Malangizowa atsata bolodi lomwelo kuyambira poyeza mpaka pomaliza, ndipo njira yake ndi yomweyo pa machipu ena ambiri a dijito.

## Zofunika kukhala nazo

- Makapasita a seramiki a 100 nF, olembedwa 104. Pa bolodi ili akufunika 4 kapena 5.
- Kapasita imodzi ya mgolo, ija ya elekitirolitiki, ya 47 µF kapena 100 µF, ya 16 V kapena kuposa.
- Kapasita ya 0.33 µF ya polowera magetsi pa regyuleta ya 7805.
- Ayironi yowotcherera ya nsonga yopyapyala, waya wa soda ndi fulakisi.
- Kapulayala kodulira miyendo.
- Mita yokhala ndi malo olira ikakhudza waya wolumikizana. Ikakhala yoyezanso makapasita, ndi bwino kwambiri.
- Ka LED kamodzi ndi rezisita ya 330 Ω.
- Detashiti ya chipu chanu, makamaka tsamba losonyeza miyendo.

Ngati simupeza atsopano, amisiri okonza mawayilesi ndi madikoda mumsika wa Zomba amakhala ndi mabolodi akufa, ndipo pa mabolodi amenewa ma 104 amakhala mbwee. A seramiki sakalamba msanga, mutha kuzula n'kugwiritsanso ntchito. A mgolo ndiwo osawakhulupirira: ikakhala yotupa pamutu kapena yodontha patsinde, isiyeni pomwepo.

## Vuto lomwe tikulimbana nalo

Chipu cha dijito sichimwa magetsi mosalala ngati babu. Mkati mwake muli mathiranzisita ambirimbiri omwe amatseka ndi kutsegula potsatira koloko, ndipo pa 16 MHz zimenezi zimachitika ka 16 miliyoni pa sekondi imodzi. Nthawi iliyonse akasintha, chipu chimakoka karenti mwadzidzidzi kwa kamphindi ka mananosekondi ochepa, kenako n'kusiya.

Madzi a ku damu la Mulunguzi ndi ambiri, koma kuti afike pampopi wa ku Matawale amadutsa m'mapaipi ataliatali. Moto ukabuka kukhitchini simudikira kuti damu likutumizireni chozimitsira, mumagwira chomwe chili pafupi ndi dzanja. Regyuleta ya 7805 ndi damu, mawaya ndi mapaipi, ndipo kapasita ya 100 nF ndi kandowa koima pakhomo penipeni pa chipu. Madzi ake ndi ochepa, koma amafika nthawi yomweyo, ndipo kandowako kamadzazidwanso chipu chikapuma.

Chomwe chimachedwetsa magetsi m'waya si rezisitansi yokha. Waya aliyense amakana kuti karenti yodutsa mwa iye isinthe mwadzidzidzi, ndipo khalidweli limatchedwa indakitansi. Pongoyerekeza, milimita imodzi ya waya imakhala ndi 1 nH. Voloteji yotayika timaipeza motere, pomwe L ndi indakitansi, ΔI ndi kusintha kwa karenti, ndipo Δt ndi nthawi yomwe kusinthako kwatenga:

```
V = L × ΔI / Δt
```

Pa bolodi la mnyamata uja, waya wa 5 V wochokera ku regyuleta unali masentimita 10, wobwerera wa GND masentimita 10. Njira yonse ndi mamilimita 200, kutanthauza pafupifupi 200 nH. Tiyerekeze kuti miyendo ingapo ya chipu yasintha nthawi imodzi n'kukoka 50 mA m'kati mwa 5 ns. Tikachulukitsa 200 nH ndi 0.05 A n'kugawa ndi 5 ns, tikupeza 2 V. Ndiye kuti kwa kamphindi kameneko chipu chikuona 3 V pomwe inu mukuganiza kuti chili ndi 5 V. ATmega328P kuti ithamange pa 16 MHz modalirika imafuna pafupifupi 3.8 V, ndipo yokonzedwa monga ya Arduino Uno imadzizimitsa n'kuyambiranso voloteji ikakhala pansi pa 2.7 V kwa mamayikirosekondi angapo.

Tsopano ikani kapasita ya 100 nF moti njira yopita ndi yobwera ikhale mamilimita 5 okha. Indakitansi yatsika kufika pa 5 nH, ndipo kugwa kuja kwasanduka 0.05 V. Kapasita yeniyeniyo, popereka 50 mA kwa 5 ns, imangotsika ndi 0.0025 V. Onani bwino manambala awiriwa: kapasita siyinali yoperewera, chomwe chikulamula ndi kutalika kwa njira. N'chifukwa chake ntchito yonseyi yagona pa malo oika kapasita, osati pa kukula kwake.

Mita yanu singaone zimenezi. Imawerenga kawiri kapena katatu pa sekondi n'kukupatsani pakatikati pake, pomwe kugwa kwa voloteji kukutha mananosekondi.

## Kachitidwe kake

### 1. Tsimikizani kuti chipu chikuyambiranso

Musanawotcherere kanthu, pezani njira yoonera vutolo ndi maso, kuti mukamaliza mudziwe ngati lathadi. Lumikizani ka LED kudzera pa rezisita ya 330 Ω ku mwendo womwe pulogalamu imautchula 8, womwe pa chipu ndi mwendo wa 14. Apa rileyi ili pa 9, womwe pa chipu ndi mwendo wa 15. Ikani pulogalamu yaifupi iyi:

```
void setup() {
  pinMode(8, OUTPUT);
  pinMode(9, OUTPUT);
  digitalWrite(8, HIGH);
  delay(1000);
  digitalWrite(8, LOW);
}

void loop() {
  digitalWrite(9, !digitalRead(9));
  delay(2000);
}
```

Ka LED kayenera kuyaka kamodzi kokha, pa nthawi yomwe mwayatsa magetsi. Kakayakanso pakati pa ntchito, ndiye kuti chipu chayambiranso. Siyani rileyi ikugunda kwa mphindi 5 n'kulemba papepala kuti kayaka kangati. Yesani kawiri: koyamba mababu osalumikiza, kachiwiri mutalumikiza. Ife pa bolodi lija, popanda mababu kanayaka kawiri, ndi mababu kanayaka ka 11.

Chenjezo: mababu amenewa ali pa magetsi a 230 V. Mawaya a mbali imeneyo akhale okutidwa, ndipo pogwira bolodi zulani pulagi kukhoma, osangozimitsa switchi.

### 2. Pezani miyendo yonse ya magetsi

Tsegulani detashiti. Pa ATmega328P ya miyendo 28, mwendo wa 7 ndi VCC, wa 8 ndi GND, wa 20 ndi AVCC, wa 21 ndi AREF, wa 22 ndi GND. Kuwerenga kumayambira pa kadontho kapena kumanzere kwa kamphako ka kumutu kwa chipu, n'kumazungulira motsutsana ndi mivi ya wotchi mukayang'ana chipu kuchokera pamwamba.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: mukatembenuza bolodi kuti muwotcherere, dzanja lamanja limasanduka lamanzere. Ine ndimalemba kadontho ndi cholembera kunsi kwa bolodi pa mwendo wa 1 ndisanayambe. Kenako, magetsi atazimitsa, gwiritsani ntchito malo olira a mita kutsimikiza kuti 7 ndi 20 akufika ku 5 V, 8 ndi 22 akufika ku GND.

Pa bolodi la mnyamatayu tinapezanso kuti mwendo wa 22 sunalumikizidwe konse. Iye ankati GND imodzi yakwana. Ayi. Miyendo yonse ya GND iyenera kulumikizidwa, ndipo AVCC iyenera kulandira magetsi ngakhale simukuyeza chilichonse cha analogi.

Lamulo lake ndi losavuta: mwendo uliwonse wolandira magetsi upeze kapasita yakeyake. Chipu chilichonse pa bolodi chiwerengedwe pachokha. Ngati muli ndi 74HC595, VCC yake ili pa 16 ndipo GND pa 8. NE555 ili ndi VCC pa 8 ndi GND pa 1.

### 3. Werengani nambala ya pa kapasita

Manambala atatu a pa kapasita ya seramiki amawerengedwa mu pF. Awiri oyamba ndi nambala, wachitatu ndi kuchuluka kwa maziro. Choncho 104 ndi 10 wotsatiridwa ndi maziro 4, kutanthauza 100,000 pF, yomwe ndi 100 nF, yomwenso ndi 0.1 µF. Mayina atatuwa ndi a kapasita imodzi. Yolembedwa 103 ndi 10 nF. Yolembedwa 22 ndi 22 pF, ija yoika pa kirisito, ndipo imafanana kwambiri ndi 104 pamaso moti m'kachikwama kosakaniza n'kosavuta kutola yolakwika.

Ngati muli ndi mwayi wosankha, tengani zolembedwa X7R kapena X5R. Ya X7R imasintha mosapitirira 15% kuyambira −55 °C mpaka 125 °C. Ya Y5V ikhoza kutaya mpaka 82% kumalekezero a kutentha komwe inapangidwira. Koma osataya mtima ngati zomwe mwazula pa dikoda sizinalembedwe: pa bolodi la 5 V lothamanga 16 MHz, 104 iliyonse yamoyo yoikidwa pafupi imaposa X7R yoikidwa patali.

### 4. Wotchererani ya VCC, pakati pa mwendo wa 7 ndi wa 8

Miyendo iwiriyi ndi yoyandikana, yotalikirana mamilimita 2.54, zomwe zikutipeputsira ntchito. Tembenuzani bolodi. Dulani miyendo ya kapasita itsale mamilimita 2 kapena 3, n'kuiwotcherera pa nsonga zenizeni za soketi ya chipu, kunsi. Ya seramiki ilibe pulasi kapena mainasi, mbali iliyonse ndi yabwino.

Ngati muli ndi timakapasita topanda miyendo ta saizi ya 0805, tomwe ndi totalika mamilimita 2, timakwana ndendende pakati pa mabowo awiri oyandikana a verobodi. Ikani soda pang'ono pa bowo limodzi, gwirani kakapasita ndi kopanira, sungunulani soda kuti kakhazikike, kenako malizani mbali inayo. Palibe njira yaifupi kuposa imeneyi.

Chotsani chipu mu soketi musanayambe kuwotcherera. Ayironi isakhalitse pamalo amodzi kupitirira masekondi 3, chifukwa mizere ya kopa ya verobodi imamatuka ikatentha kwambiri. Ndipo musapinde bolodi mutaika ta 0805: seramiki imang'aluka, ndipo yong'aluka nthawi zambiri imapanga shoti pakati pa 5 V ndi GND.

Mawu akuti "pafupi" amapusitsa. Ndinaonapo bolodi lomwe kapasita inali yogundana ndi chipu pamaso, koma mwendo wake wa GND unkayenda m'mphepete mwa bolodi lonse usanafike pa mwendo wa 8. Karenti imayenda mozungulira: kuchoka mu kapasita, kulowa pa VCC, kutuluka pa GND, kubwerera mu kapasita. Tsatirani njira imeneyi ndi chala. Ikakhala yopitirira sentimita imodzi, fufuzani pena poika.

### 5. Ikani ya AVCC ndi ya AREF

Kapasita yachiwiri ipite pakati pa mwendo wa 20 ndi wa 22. Iwiriyi yatalikirana mamilimita 5.08, ndipo pakati pawo pali mwendo wa 21. Samalani kuti mwendo wa kapasita kapena dontho la soda lisakhudze 21.

Yachitatu ipite pakati pa 21 ndi 22. Imeneyi ntchito yake ndi ina pang'ono: imakhazikitsa voloteji yomwe chipu chimayerekezera nayo poyeza. Pa makina ofungatira mazira nkhaniyi si yaing'ono. Mazira a nkhuku amafuna kutentha kwa pafupifupi 37.5 °C kwa masiku 21, ndipo sensa ya LM35 yomwe mnyamatayu anagwiritsa ntchito imatulutsa 10 mV pa digiri iliyonse. Poyeza ndi 5 V, sitepe imodzi ya chipu ndi pafupifupi 4.9 mV, theka la digiri. Phokoso laling'ono pa AVCC limapangitsa nambala ya pa sikirini kuvinavina, ndipo rileyi imagunda pafupipafupi popanda chifukwa.

Detashiti imalangiza kuti AVCC ilandire magetsi kudzera mu indakita ya 10 µH, kapasita ya 100 nF ili kumbali ya chipu. Ngati mwaipeza, ikani. Ife tinalibe, tinangolumikiza ndi waya, ndipo kapasita yokhayo inachepetsa kuvina kuja mokwanira. Musalumikize AREF ku 5 V ndi waya: pulogalamu ikadzasankha voloteji ya mkati ya 1.1 V, mudzakhala mwagundanitsa ziwirizo.

### 6. Onjezani kapasita yaikulu

Apa mpamene kandowa kaja kamathera mphamvu. Koyilo ya rileyi ya 5 V imakoka pafupifupi 70 mA, ndipo siikoka kwa mananosekondi, imakoka mpaka itazimitsidwa. Regyuleta imafuna kanthawi kuti izolowere katundu watsopanoyo. Tiyerekeze kuti kanthawiko ndi 50 µs. Chomwe kapasita imataya timachipeza motere:

```
ΔV = I × t / C
```

Karenti ya 0.07 A kwa 50 µs ikufuna chaji ya 3.5 µC, pomwe kapasita ya 100 nF yodzaza pa 5 V imasunga 0.5 µC yokha. Ikanatheratu isanafike n'pakati pomwe. Ya 47 µF pa katundu yemweyo imangotsika ndi 0.07 V.

Ndiye bwanji osangoika ya 47 µF paliponse? Chifukwa ya mgolo ndi yaulesi. Mkati mwake ndi mapepala a aluminiyamu okulungidwa, okhala ndi rezisitansi ndi indakitansi yochuluka, moti pa kamphindi ka 5 ns siyankha. Ziwirizi zimagawana ntchito, yaing'ono yothamanga ndi yaikulu yopirira, ndipo imodzi singalowe m'malo mwa inzake.

Ikani ya 47 µF pa mzere wa 5 V, pomwe waya wopita ku rileyi wapatukira. Mbali yokhala ndi mzere woyera ndi mainasi, ipite ku GND; pa yatsopano mwendo wautali ndi pulasi. Mukaitembenuza imatentha, kutupa, ndipo ikhoza kuphulika. Musaigundike ku chitsulo choziziritsira 7805, chifukwa kutentha kumaumitsa madzi a mkati mwake.

Regyuleta nayo ili ndi zake. Pa 7805 ikani 0.33 µF pakati pa mwendo wolowera ndi GND, ndi 0.1 µF pakati pa mwendo wotulukira ndi GND, zonse pa miyendo yake yeniyeni. Imeneyi ndiye 104 yachinayi. Yachisanu tinaiika kuseri kwa sikirini ya LCD, pakati pa miyendo yake ya 1 ndi 2 yolembedwa VSS ndi VDD, popeza sikiriniyo inali pa mawaya a masentimita 25.

### 7. Patulani njira ya rileyi

Sitepe iyi simufunika kugula kanthu. Pa bolodi lija magetsi ankachoka ku regyuleta, kudutsa pa chipu, kenako kupita ku rileyi pa waya yemweyo. Karenti yonse ya koyilo inkadutsa pakhomo pa chipu. Tinadula n'kukoka mawaya awiriawiri kuchokera pa kapasita yaikulu: awiri opita ku chipu, awiri opita ku rileyi. Waya wa 5 V ndi wa GND aziyenda limodzi, ngakhale kuwapota ngati chingwe, chifukwa akatalikirana indakitansi imakwera.

### 8. Yezani musanayatse, kenako bwerezani mayeso

Chipu chisanabwerere mu soketi, ikani mita pa malo olira pakati pa 5 V ndi GND. Ikalira kamphindi n'kusiya, imeneyo ndi kapasita yaikulu ikudzaza, palibe vuto. Ikalira osasiya, pali shoti. Yang'anani kaye pakati pa 7 ndi 8, kenako pa 20, 21 ndi 22.

Yatsani popanda chipu, yezani 5 V pa mwendo wa 7 ndi wa 20, zimitsani, bwezerani chipu kamphako katayang'ana koyenera, n'kubwereza mayeso a sitepe yoyamba kwa mphindi 5 zomwezo.

Ife popanda mababu ka LED sikanayakenso. Ndi mababu kanayaka kamodzi. Mnyamatayo anafuna kuwonjezera makapasita ena, koma ndinamuletsa, popeza chotsalacho sichinali cha pa mzere wa magetsi. Mwendo wa 1, wa RESET, unalibe rezisita yoikokera ku 5 V, ndipo waya wa mababu unkadutsa pamwamba pake. Rileyi ikamatseka ndi kutsegula 230 V pamathetheka kamoto mkati, ndipo phokoso lake limalowa pa mwendo wosiyidwa chonchi. Tinaika rezisita ya 10 kΩ pakati pa mwendo wa 1 ndi 5 V, n'kusunthira mawaya a mababu kumapeto kwa bokosi. Tinalisiya likugunda ola lathunthu, ka LED kali zii.

Ngati mungapeze mwayi wa osilosikopu, monga omwe amaphunzira zamagetsi ku koleji, ikani pa AC n'kuyeza pa miyendo ya 7 ndi 8 yeniyeniyo. Kawaya ka GND ka chipangizocho kakhale kafupi kwambiri. Kaja kaatali kokhala ndi kopanira kamatola phokoso lakelake, n'kukuonetsani vuto lomwe pa bolodi palibe.

## Pomwe makapasita sangakuthandizeni

Achinyamata ambiri masiku ano akuwonjezera SIM800L kuti makina azitumiza uthenga pafoni. Kachipangizoka kamafuna pakati pa 3.4 V ndi 4.4 V, ndipo potumiza kamakoka mpaka 2 A kwa 577 µs, mobwereza pa 4.6 ms iliyonse. Ikani manambalawa mu kawerengedwe ka sitepe 6: ngakhale kapasita ya 1000 µF, ikamanyamula yokha katundu ameneyu, imatsika ndi 1.15 V. Imathandiza, ndipo muyenera kuiika pa miyendo ya SIM800L pamodzi ndi 104, koma ngati gwero la magetsi silingathe kupereka 2 A pa mawaya aafupi ndi onenepa, kachipangizoka kazingozima. Kapasita imabwereketsa chabe, obweza ndi gwero.

Chizindikiro chosiyanitsa n'chakuti vuto la gwero lofooka mita imatha kuliona: voloteji imatsika n'kukhala yotsika nthawi yonse yomwe katundu ali woyaka. Zikatero sinthani adaputa kapena batire. Kumbukiraninso kuti 7805 imafuna pafupifupi 7 V polowera kuti itulutse 5 V yokhazikika.

## Zolakwika zofala

Choyamba ndi kuunjika makapasita onse pakona imodzi ya bolodi. Pa chithunzi cha waya opanga amakonda kujambula ma 104 onse pamzere umodzi kuti pepala lioneke loyera, ndipo woyamba kumene amawaika pa bolodi momwemo. Mita idzati zonse zalumikizidwa bwino, koma palibe chipu chomwe chathandizidwa.

Kusiya miyendo yaitali n'kofala pa buledibodi, pomwe munthu amadandaula kudula kapasita yomwe adzaifunenso mawa. Miyendo iwiri ya masentimita 2.5 ikuwonjezera pafupifupi 50 nH, kakhumi kuposa 5 nH ija tinawerengera. Dulani. Ndipo pa buledibodi lowetsani kapasita m'mabowo oyandikana ndi miyendo ya chipu, osati m'mizere yofiira ndi yabuluu ya m'mphepete.

Ena amalumikiza kapasita motsatana ndi waya wa magetsi, ngati fyuzi. Kapasita siyidutsitsa karenti yosasintha, choncho chipu sichiyaka n'komwe. Malo ake ndi pakati pa VCC ndi GND, waya wa magetsi akupitirira momwe analili.

Enanso amaika 104 pa miyendo yonyamula uthenga poganiza kuti akuchotsa phokoso. Pa SDA ndi SCL, kapena pa TX ndi RX, kapasita yotere imafooketsa uthenga mpaka zipangizo kusiya kumvana. Pa miyendo ya kirisito, ya 9 ndi 10, koloko imaima.

Kapasita siyilowa m'malo mwa dayodi ya pa koyilo. Rileyi ikazimitsidwa, koyilo imabweza voloteji yaikulu yomwe ikhoza kuwotcha thiranzisita yoiyendetsa. Ngati rileyi mwaiika nokha pa verobodi, ikani 1N4007 mopingasa koyilo, mbali ya mzere iyang'ane ku pulasi. Timabolodi ta rileyi togula tokonzakonza nthawi zambiri timabwera nayo kale.

Palinso okhulupirira kuti poti bolodi likugwira ntchito patebulo, makapasita ndi osafunika. Bolodi lopanda 104 likhoza kuyenda masiku angapo lili pa batire, n'kudzayamba misala mutaliika m'bokosi pafupi ndi mota ya fani kapena mutasintha adaputa. Pa makina a mazira, chipu chikaima rileyi ili yoyatsa, mababu amangotentha usiku wonse.

Chomaliza, kuzula kapasita pa bolodi lakale osaiyeza. Ikani mita pa rezisitansi yaikulu: ya seramiki yamoyo iyenera kuonetsa kuti palibe njira, monga OL kapena 1 kumanzere kwa sikirini. Ngati mita yanu imayeza makapasita, 104 yabwino imawerenga chapakati pa 80 nF ndi 120 nF, ndipo poyeza musagwire miyendo yake ndi zala.